Mimba yanga inkadziwa kuti kwacha Lolemba

"Ndikangokhala ndi nkhawa, m'mimba mumapotokola, nseru imabwera, kenako ndimatsegula. Vuto likadutsa ndimakhala bwinobwino. Fulajilo ndamwa kangapo koma sizikusintha. Nditani?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikumbutsa kutali. Pa ntchito yanga yoyamba tinali ndi bwana amene ankachititsa msonkhano Lolemba lililonse, ndipo aliyense ankaimirira payekha kufotokoza zomwe walephera sabata yathayo. Loweruka ndinkadya nsima ya matemba ndi nkhwani, osamva kalikonse. Koma Lolemba ndikangovala nsapato, m'mimba kulukulu! Kuchimbudzi kawiri ndisanatuluke, kachitatu nditatseka kale chitseko. Mu minibasi ndinkalimbirana mpando wa kukhomo, thukuta lozizira lili pamphuno, ndikuwerenga masiteji. Zimbudzi zolipira za mu Limbe ndinkazidziwa kuposa nyumba za abale anga.

Azakhali anati ndadyetsedwa. Mnzanga anati ndi maalusa, nandipatsa mapiritsi otafuna aja a maginiziyamu, ndipo zinangoipiraipira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti maginiziyamu payekha amafewetsa chimbudzi. Ndiye taganizani, ndinkathira palafini pamoto.

Nanenso Fulajilo ndinamwa, ndipo pamenepa sindinyengerera. Chizolowezi chathu chothamangira Fulajilo ndi Bakitilimu m'mimba mukangolira n'choipa. Mankhwalawa ndi opha tizilombo, pamene nkhawa si kachilombo. Fulajilo yemweyo amabweretsa nseru ndi kakomedwe ka chitsulo m'kamwa, komanso amasokoneza tizilombo tabwino ta m'matumbo. Munthu umamwa Lolemba, Lachitatu wachira, n'kumatamanda piritsi, chonsecho chakuchiza n'chakuti msonkhano wadutsa.

Amene ananditsegula m'maso ndi dokotala wina wachikulire. Atayeza chimbudzi osapezamo kanthu, anandifunsa funso limodzi: "Kodi kumakudzutsani usiku mutagona tulo?" Ndinati ayi. "Nanga patchuthi?" Ndinangoseka. Anandifotokozera kuti ubongo ndi matumbo zimalankhulana kudzera m'mitsempha, waukulu wake wotchedwa vegasi. Ukachita mantha thupi limatulutsa adirenalini, magazi amathamangira kuminofu ya manja ndi miyendo, ndipo chifu chimachedwa kukankha chakudya. Nseru ija imachokera apo. Matumbo aakulu okha ndiye amafulumira, moti sapeza nthawi yoyamwa madzi, chimbudzi n'kutuluka chamadzimadzi. Ululuwo ndi weniweni, wina asakunamizeni kuti mukudzipangitsa.

Cholakwa changa chachikulu chinali kusala kadzutsa. Ndinkati m'mimba mukakhala mopanda kanthu simutuluka kanthu, n'kungomwa khofi wakuda makapu awiri. Koma njala imakulitsa nseru, ndipo khofi amafulumizitsa matumbo komanso kugunda kwa mtima. Mtima ukamagunda choncho, ubongo umati zoopsa zija zafika, m'mimba n'kuyambiranso. Kenako sindinkaopanso bwana, ndinkaopa mimba yanga yomwe. (Bwanayo anadzachoka, ine n'kutsalabe ndi mantha a minibasi kwa miyezi.)

Zomwe zinandithandiza

Dzukani mphindi 30 msanga, mudye kaphala kochepa kapena nthochi ndi buledi, mupite kuchimbudzi mosathamanga. Tiyi wa jinja amachepetsa nseru. Zokazinga, tsabola ndi zakumwa za gasi muzisiye m'mawa wa tsiku lovutalo. Kupotokola kukayamba ikani dzanja pamchombo, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, dzanjalo likwere, kenako tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8. Chitani choncho kwa mphindi zisanu. Kutulutsa mpweya motalika ndi kumene kumakhazika mtima pansi, koma muziyeserera masiku amene muli bwino, chifukwa pa siteji si pophunzirira. Mukatsegula kangapo imwani Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Lopelamaidi, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, angakuthandizeni pa tsiku la intaviyu kapena ulendo wautali, osati tsiku lililonse, ndipo osamwa ngati thupi latentha kapena mwaona magazi. Bulufeni mupewe, amakanda chifu.

Funso la dokotala lija mudzifunse nanunso. Lembani kwa masabata awiri nthawi imene mwatsegula, chomwe munadya ndi chomwe chinali m'mutu mwanu. Ngati kukudzutsani usiku, ngati muli magazi kapena chimbudzi chakuda ngati phula, ngati mukuonda, kutentha thupi, kapena kwapitirira masabata angapo ngakhale mtima uli m'malo, imeneyo musaitche nkhawa, pitani mukayezetse. Chamadzi ngati madzi otsukira mpunga ndiye musadikire n'komwe, kolera ya 2022 ndi 2023 tinaiona tonse. Ndipo ngati mwadumphitsa mwezi, yezetsani kaye pathupi. Zonse zikapezeka bwino koma mwayamba kujomba kuntchito kapena kukana maulendo, kauzeni adokotala mawu enieniwo akuti "ndili ndi nkhawa". Ine ndinapita katatu ndikungoti "m'mimba", ndipo katatu konse ndinabwerako ndi mapiritsi a m'mimba.