Kulembera mwini malo odyera ku inibokosi: fayilo isatsogole ndalama

"Abale, ine ndimapanga mamenyu ndi mapositala pa laputopu. Ku Katoto kwatsegulidwa malo odyera atsopano, ndikufuna ndiwalembere ku inibokosi kuti mwina andipatse kaganyu. Ndiyambe bwanji? Ndiwatumizire zitsanzo? Nanga mtengo nditchuliretu?"

Achemwali, chonde fayilo yosindikizira isatuluke mu laputopu yanu ndalama musanazione. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa zomwe ndinaziona chaka chatha mu Mzuzu momwe muno mpaka pano sizinandichoke.

Kunali malo ena odyera cha ku msewu wa ku Nkhata Bay uku, sinditchula dzina. Pa peji yawo ya Facebook anaika chithunzi cha menyu yolemba pamanja, mitengo ina atafufuta ndi cholembera n'kulemba ina pamwamba, poti zinthu zimangokwera chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 muja. Nambala ya WhatsApp inali pa peji pomwepo, ndiye ndinalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji bwana. Ndimapanga mamenyu ndi mapositala, ndimakhala ku Chibavi konkuno. Ndaona menyu yanu pa peji, koma mitengo ya chambo ndi nkhuku yalokolo sikuwerengeka pa foni chifukwa yafufutidwa. Nditha kukukonzerani menyu ya masamba awiri, ina yosindikiza ndi ina yoika pa WhatsApp, pofika Lachisanu. Mtengo ndi K60,000. Ndikutumizireni chitsanzo?"

Meseji imeneyi inalibe vuto, ndipo mpaka lero ndimalemba motero. Anayankha madzulo omwewo, chifukwa ndinatchula chinthu chomwe chikumuvuta iyeyo, osati mbiri ya sukulu yanga. Anandiimbira, tinagwirizana pa foni kuti ndiwonjezere positala ya nyama yootcha ya Loweruka, zonse pamodzi K85,000, kulipira ntchito ikatha. Mawu ake anali okoma ngati munthu wopemphera. "Mwana wanga, ife timakonda kutukula achinyamata."

Kenako kunayamba kusintha kosatha. Mtundu wofiira wachuluka. Chithunzi cha chambo chikule. Ayi chachulukanso, chibwerere. Akazi anga akuti zilembo zikhale zopendekera. Mtengo wa mpunga wakwera, sinthani. Zonsezi amatumiza usiku, nthawi zina cha m'ma 11 koloko, ine n'kumadzuka kutsegula laputopu. Tsiku lina magetsi atazima kwathu ndinakwera kabaza mvula ili waa, laputopu nditaikulunga mu jumbo, kupita kwa mnzanga ku Luwinga kuti ndikamalize Lachisanu lisanafike. Bando ndimagula ndekha, zithunzi za chakudya ndinakajambula ndekha pamalopo, palibe ngakhale ya thiransipoti yomwe anandipatsa.

Nditatumiza zomaliza ngati chithunzi wamba, anandiuza kuti zikuoneka zosawala, anzake omwe amayendetsa nawo bizinesi sakutha kuwerenga bwino. Akuti tumizani ngati PDF, pa Document paja, tione bwinobwino kenako tikutumizirani ndalama mawa m'mawa. Munthuyo amadziwa chomwe akuchita. Chithunzi chotumiza mwachizolowezi WhatsApp imachifinya, ukachisindikiza chimatuluka chophwanyikaphwanyika, koma chodutsa pa Document chimafika momwe chilili, chokonzeka kupita ku makina. Mawa lakelo linafika, zii. Ndikalemba, timizere tiwiri totuwa basi. Ndikaimba, akuti ndili pa maliro ku Ekwendeni, ndikuimbirani.

Loweruka lotsatira ndinangopita. Achemwali, nditangolowa pageti positala yanga ija ili pakhoma, yaikulu, anthu akujambulitsa patsogolo pake. Ndinakhala pa tebulo miyendo ikunjenjemera. Kamtsikana koperekera zakudya kanabwera ndi ulemu wonse n'kundipatsa menyu kuti ndisankhe chakudya. Menyu yanga. Aikutira pulasitiki yolimba ija, ili pa tebulo lililonse. Chambo chomwe ndinachijambula nditagwada pafupi ndi zenera kuti kuwala kugwere bwino, ndi chimenecho. Pansi pomwe ndinalemba dzina langa ndi nambala mwa tizilembo tating'ono anamatapo kabokosi kakuda. Ndinaigwira menyuyo ndikuiyang'ana, kamtsikana kaja kali chiimire kudikira kuti ndinene chomwe ndidye, ine pakhosi patatseka.

Bwanayo atatuluka sanachite ngakhale manyazi. Pamaso pa makasitomala, mokweza, akuti: "Inu munabwera nokha ku foni kwanga, ine sindinakuitaneni. Munati ndi chitsanzo. Amene wamalizitsa ntchitoyi ndi mwana wa mlongo wanga." Kumalizitsa kwake kumata kabokosi pa dzina langa! Ndinatulutsa foni kuti ndimuonetse pomwe analemba yekha kuti ndalama zibwera mawa. Mulibe. Anali atayatsa Disappearing messages ya masiku 7 titangoyamba kukambirana, ndiye zonse za pakati zinali zitafufutika zokha. Chomwe chinatsala ndi meseji yanga yoyamba ija, yothera pa mawu oti chitsanzo, ndipo ndi yomwe iye amandilozera ndi chala. Za K85,000 tinakambirana pakamwa, palibe polozera. Anapisa m'thumba n'kutulutsa K10,000, akuti ya bando, komanso mudye nsima yaulere, tidzakutchulani pa peji kuti mudziwike. Anthu a pa tebulo loyandikana amandiyang'ana ngati ine ndi amene ndabwera kudzayambitsa chisokonezo pamalo pa eni. Ndalamayo ndinaisiya pa tebulo pomwepo.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'choti munthu ameneyu sangalole kasitomala adye chambo n'kunena kuti ndimangolawa. Koma ntchito ya pa laputopu amaiona ngati masewera a ana, akuti si mwangodinadina basi. Alipo ambiri oterewa m'tauni muno, ndipo amadziwa kuti achinyamata omwe amaliza ku Mzuni ndi m'makoleji ena ali mbwee kusaka kaganyu, uyu akadandaula mawa kubwera wina.

Komabe alembereni a ku Katotowo, ndipo chitsanzo tumizani, musadikire n'komwe kuti akupempheni. Meseji yopanda choonetsa anthu ambiri sayankha, amaiona ngati ya aja otumiza "moni" n'kudikira. Kungoti chitsanzo chikhale chitsanzodi. Tengani zakudya zawo zinayi kapena zisanu zokha, mupange theka la tsamba, osati menyu yonse. Potulutsa fayilo chepetsani kukula, mbali yaitali ikhale mapikiselo 800 okha. Tsamba la A4 losindikizika bwino limafuna 2480 x 3508, ndiye ka 800 kamaoneka bwino pa foni koma pa pepala kamachititsa manyazi. Dzina lanu lidutse chopingasa pakati penipeni, pamwamba pa chithunzi cha chakudya ndi mitengo, osati pakona pomwe angadule kapena kumata. Akanena kuti sizikuwala, auzeni mwaulemu kuti yowala imabwera ntchito ikalipiridwa, kapena nyamulani laputopu mukawaonetse maso ndi maso. Katoto si kutali.

Meseji yoyamba ikhale yaifupi, yokwana pa sikirini imodzi, ndipo zonse zikhale mu meseji imodziyo. Moni waulemu, dzina lanu ndi dera lomwe mumakhala, chinthu chimodzi chomwe mwaona pa peji yawo chomwe mungakonze, chomwe muwapatse, tsiku, mtengo. Kutchula dera kumathandiza, anthu atopa ndi akuba a pa foni ndiye akamva kuti muli ku Chiputula kapena ku Mchengautuwa mtima umakhala pansi. Potchula vuto lawo samalani pakamwa, musanene kuti menyu yanu ndi yonyansa, mwina anailemba ndi mkazi wake. Nenani kuti mitengo sikuwerengeka pa foni. Lemberani ku peji ya bizinesi kapena pa nambala yomwe aika okha poyera. Mukalembera pa akaunti ya mwiniwake musali pa ubwenzi, meseji imakagwera ku Message requests komwe ambiri satsegulako. Nthawi ya nkhomaliro musalembe, amakhala ali pa mpanipani, cha m'ma 3 koloko masana ndiye amagwira foni.

Mtengo tchuliranitu, ndipo muuphatikize ndi malire ake. Mwachitsanzo masamba awiri, kusintha kawiri, kusindikiza n'kwawo, mtengowu ugwira ntchito kwa masabata awiri. Mukabisa mtengo mudzataya bando ya sabata yonse pocheza ndi munthu yemwe m'mutu mwake muli K5,000. Akavomera, theka litsogole. Telala wa mumsika sadula nsalu musanasiye kangachepe, ndipo palibe amamunena kuti ndi wamwano. Wokana dipoziti pa ntchito ya masiku atatu ameneyo wakuuzani kale momwe nkhani idzathere, ngakhale ndivomereze kuti alipo makasitomala anga awiri akale omwe ndimawagwirira popanda dipoziti ndipo sanandigwetsepo.

Akakuimbirani foni n'kugwirizana pakamwa, mukangodula lembani zomwezo: "Bwana, monga tagwirizana, menyu ya masamba awiri ndi positala imodzi, K85,000, theka lero, theka musanalandire fayilo yosindikizira, ntchito itha Lachisanu. Ngati zili bwino yankhani kuti eya." Akayankha, jambulani sikirini nthawi yomweyo, dzina ndi nambala zikuoneka. Mukaona kachidziwitso pakati pa macheza koti wayatsa zofufutika zokha zija, zimitsani, inunso mungathe kutero, kapena muzijambula chilichonse chokhudza ndalama.

Pa dipozitipo musakhulupirire chithunzi chomwe akutumizirani chosonyeza kuti atumiza, ngakhale meseji yolowa pa foni panu, zimenezo anthu amapeka. Imbani *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi Mpamba, muone nokha kuti balansi yakwera, ndiye muyambe ntchito. Pomaliza chimodzimodzi: muwaonetse ntchito yonse ili ndi dzina lanu lopingasa lija, amalize ndalama, muone balansi, kenako PDF ipite pa Document.

Akapanda kuyankha meseji yoyamba, dikirani masiku atatu mulembenso kamodzi kokha, mzere umodzi, kuti mumafuna mudziwe ngati anaona chitsanzo chija. Akakhalabe chete asiyeni, mulembere ena. Malo ogona alendo ndi odyera alipo ambiri kuyambira m'tauni muno mpaka ku Nkhata Bay, ndipo ochuluka mitengo yawo ikadali yofufuta ndi cholembera. Mukalemba meseji yanuyo iponyeni m'gulu muno musanaitumize, tikuthandizeni kuidula.