Yankho lako silinali bodza, komabe aphunzitsi sanakubere malikisi

"Pa mayeso oyeserera a Folomu 2 anatifunsa chimene chimabweretsa malungo. Ine ndinasankha yankho loti kulumidwa ndi udzudzu, koma aphunzitsi anandilakwitsa. Akuti lolondola linali loti kulumidwa ndi udzudzu waukazi wa anofelesi umene uli ndi tizilombo ta pulasimodiyamu. Kodi langalo linali bodza? Si kundibera malikisi kumeneku?"

Mwanawe, kalata yakoyi yandiyabwa, chifukwa mkangano umenewu ndakhala nawo zaka zambiri, ndipo osati ndi ana okha. Pamene ndinkaphunzitsa sayansi pasukulu ina yoyendera, tinkakumana aphunzitsi a sukulu zoyandikana kukakonza mayeso oyeserera. Bambo wina wachikulire, amene tinkamupatsa ulemu ndithu, ankadana kwambiri ndi mafunso a mtundu umenewu. Amvekere: "Aphunzitsi anzanga, mwana wanena zoona, inu mukumulemba mtanda. Tikuphunzitsa chiyani pamenepa?" Ankafuna kuti mayankho atatu olakwikawo azikhala olakwika poyera, monga kumwa madzi oipa, kudya mango osapsa, kunyowa ndi mvula. Chaka china tinamumvera. Pafupifupi mwana aliyense anakhoza funso la malungo, ngakhale aja amene teremu yonse ankagona kumbuyo kwa kalasi mutu uli pa desiki. Funsolo silinatiuze kanthu za mwana aliyense. Kodi alipo m'Malawi muno amene sadziwa kuti udzudzu ndi malungo zimayendera limodzi? Agogo amene sanapondeko m'kalasi akanakhozanso.

Ndiye ndikuuze mmene funso lotere limapangidwira, poti ambiri a inu mumaganiza kuti mayankho anayi aja amangogwa kumwamba. Wolemba amayamba ndi yankho lolondola, lathunthu. Kenako amadzifunsa kuti mwana amene waphunzira mwatheka angaimire pati. Pamene angaimirepo mpamene amadulira yankho lija, n'kuliika pambali pa linzake. Yankho unasankha iwe silinalowemo mwangozi ayi. Analiika dala, ndipo ntchito yake ndi imene linagwira pa iwe: kusiyanitsa amene amadziwa zimene aliyense amadziwa ndi amene anamvadi phunziro.

Tsono tiyeze yankho lakolo. Litenge ngati kuti ndi choonadi chonse, palibenso chowonjezera, uone kumene likufikitse. Ngati malungo amabwera ndi kulumidwa ndi udzudzu basi, ndiye kuti aliyense wolumidwa ayenera kudwala. Koma udzudzu ulipo wa mitundu yambiri, ndipo umene umafalitsa malungo a anthu ndi wa anofelesi wokha. Waumuna suluma n'komwe, umangoyamwa timadzi ta zomera. Waukazi ndi umene umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Ngakhale waukaziwo sungakupatse malungo ngati sunalumepo munthu amene ali ndi tizilomboto. Choncho mawu aliwonse amene ali m'yankho linalo akutseka khomo limene lako linasiya pululu. Lako likulola zinthu zambiri zimene si zoona kuti zilowe.

Anthu ena amati bwanji osapereka theka la malikisi. Pamenepa ndiye sindigonja. Funso losankha lili ndi malikisi amodzi, ndipo wochonga saona zimene zinali m'mutu mwako, amangoona chilembo chimene wazunguliza. Ukanakhala kuti ukulemba wekha yankho m'mizere, ndikanakupatsako kenakake, chifukwa unadziyambira wekha. Koma apa yankho lathunthu linali pamaso pako, lolembedwa kale, iwe n'kulilumpha. Mayi akakutuma kumsika mchere, tomato ndi mafuta, iwe n'kubwera ndi mchere wokha, sunagule chinthu cholakwika, koma ndiwo siziphikika. Ndipo chimene mayeso akufunsa si chakuti ndi yankho liti lili ndi choonadi mkati mwake. Akufunsa kuti mwa anayiwa, ndi liti limene likuyankha funsolo bwino koposa.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti vutoli timalibzala tokha m'makalasi. Timalembetsa manotsi pa bolodi, ana n'kuloweza mawu awiri atatu a pamwamba: malungo, udzudzu, Chilembwe, thangata, kukokoloka kwa nthaka, kudula mitengo. Tsiku la mayeso diso likangoona mawu amene linazolowera, mtima umati ndi yomweyo, dzanja n'kuzunguliza, mayankho otsalawo osawawerenga n'komwe. Ndawaonapo ana poyang'anira mayeso: chala chimatsika pa A, chifika pa B, chaima, basi wapita ku funso lina. C ndi D sanawaone. Wolemba mayeso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake yankho latheka amakonda kuliika pamwamba. Inenso ndinkatero, ndipo sindichita nazo manyazi. A MANEB akakufunsa mafunso osankha pa JCE sadzakumvera chisoni, ndiye bola ukumane nazo panopa.

Koma usathamangire yankho lalitali

Apa mpamene ana ochenjera amagwera. Akamva zimene ndanenazi amapanga lamulo lawo loti yankho lalitali ndiye lolondola. Ayi ndithu. Tenga funso la mbiri: n'chiyani chinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda mu Januwale 1915? Tinene kuti A akuti nkhanza za thangata m'minda ya azungu. B akuti thangata, kutengera anthu akuda ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndi kuwotchedwa kwa matchalitchi ake m'minda ya ku Magomero. C akuti thangata, kutengera anthu akuda ku nkhondo, ndi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. D akuti kufuna ufumu wa ku Chiradzulu.

D ndi wongopeka, timutaye. A ndi woona, pakuti anthu okhala m'minda imene ankayang'anira William Jervis Livingstone ankazunzikadi ndi thangata. Koma B ali ndi zonse za A, n'kuwonjezera zina ziwiri zoona: Chilembwe analembadi kalata ku nyuzipepala kumapeto kwa 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo matchalitchi a mpingo wake anawotchedwadi m'mindamo. Choncho B wapambana A. Nanga C? Kutalika kwake n'kofanana ndi B, ndipo mbali ziwiri zoyamba n'zoona. Koma chitaganya chinayamba mu 1953, patadutsa zaka 38 Chilembwe atamwalira. Kambali kamodzi kabodzako kapha yankho lonse. Ndipo taona izi: B akanakhala kuti palibe, n'kutsala A ndi C, ukanayenera kusankha A, wamfupiyo. Yankho loperewera limaposa yankho lokhala ndi bodza, koma limagonja kwa lathunthu limene mulibe bodza.

Zochita zake n'zochepa. Werenga mayankho onse anayi usanagwire cholembera. Ukatsala ndi awiri ofanana, usawawerengenso onse kuyambira pachiyambi. Yang'ana mawu okhawo amene akusiyanitsa, monga "waukazi", "anofelesi", "chitaganya", n'kudzifunsa ngati mawuwo ali oona. Akakhala oona, tenga yankho limene lili nawo. Akakhala abodza, tenga linalo. Pepala la mayeso oyesereralo usalitaye: bwerera pa funso lililonse limene unalakwa, ulembe pambali mawu amene yankho lako linasowa, ndipo amene sukuwamvetsa ukawafunse aphunzitsi ako.