Nyumba ili m'dzina la bambo, ndiye mayi atuluke chimanjamanja?

"Ndakhala pabanja zaka 16, tili ndi ana atatu, ndipo sindinalembedwepo ntchito. Puloti ndi nyumba yathu ku Area 25 zili m'dzina la amuna anga. Akuti poti ndalama zinali zawo, nditenge ziwiya ndi zovala zanga basi. Kodi n'zoona?"

Mayi, si zoona, ndipo musasayine chilichonse chovomereza zimenezo, ngakhale ankhoswe atakuchondererani kuti nkhani ithe msanga.

Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mkazi ayenera kugawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wake pamodzi ndi mwamuna. Lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la 2015, pa gawo 74, linafotokoza zimene khoti liyenera kuyang'ana pogawapo: zimene aliyense amapeza, zosowa zake, zaka ndi thanzi lake, moyo umene banjalo linkakhala, komanso zimene aliyense anasonkha, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Choncho kuphika, kuchapa ndi kulera kumene mwachita kunalembedwa m'lamulo ngati chopereka. Dzina la papepala ndi umboni umodzi chabe.

Koma ndisakunamizeni kuti theka ndi lanu kale. Lamulo likunena za kugawa mwachilungamo, ndipo chilungamocho chimatha kukhala theka, kuchepera kapena kuposa. Mu 2017 khoti la Supreme linagamula kuti katundu sakhala wa onse awiri chifukwa chongokwatirana. Pamafunika kuona cholinga chimene munali nacho pomupeza ndi zimene aliyense anaikapo. Ngati bambowo anali ndi galimoto musanakumane, kapena munda wosiyiridwa ndi makolo awo, zimenezo n'zovuta kuzikhudza. Nyumba yomangidwa muli limodzi, yogonamo inu ndi ana, ndi nkhani ina.

Pamene amayi ambiri amagwera ndi apa. Akafunsidwa kuti munasonkhapo chiyani, amangoti, "Ndimangokhala pakhomo." Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa akalowa m'kaundula wa khoti amamveka ngati mwavomera kuti simunachite kanthu. Woweruza sanakuoneni mukudzuka m'bandakucha kukaima pamzere wa madzi. Adzaweruza zimene mwamuuza ndi zimene mboni zatsimikiza.

Ndiye tengani kope, mulembe chaka ndi chaka. Zaka 16 ndi miyezi 192. Pamiyezi yonseyo, kodi panali wantchito wapakhomo kapena wolera ana amene ankalipidwa? Ngati panalibe, ndalama imene ikanapita kumeneko ndi imene inatsala m'thumba mwa bambo n'kugula malata. Nenani chomwecho, momveka. Kenako bwerani pa nyumba yeniyeniyo. Poumba njerwa ndani ankatunga madzi? Bambo ali kuntchito, ndani ankaphikira amisiri, kuwerenga matumba a simenti madzulo, kusunga kiyi wa mosungira zipangizo? Ngati munkakazinga mandasi n'kumagula ndiwo ndi makala kuti malipiro a bambo onse apite ku fondeshoni, chimenecho ndi chopereka cha ndalama ngakhale risiti ya simenti ilibe dzina lanu. Ngati munakongola ku banki m'khonde n'kugula chitseko kapena mafelemu a mawindo, buku la gululo lilipo, ndipo mlembi wake akhoza kudzaikira umboni. Mmisiri amene anamanga ndi mboni yamphamvu kuposa mchemwali wanu, chifukwa iye sapindulapo kanthu.

Musaiwale za cholinga chija. Uthenga wa pafoni umene bambo analemba kuti "nyumba yathu", mneba amene anakuonani mukusankha puloti limodzi, kapena ankhoswe amene anamva mapangano anu, zonsezi zimasonyeza kuti munkamanga ya banja.

Choopsa china ndi nthawi. Ena akaona kuti banja likutha, amagulitsa puloti mwakachetechete kapena kusintha dzina kuti likhale la mchimwene wawo. Mukaona alendo akuzungulira mpanda, kapena mapepala a nyumba asowa pamene ankakhala, musadikire tsiku la mlandu. Jambulani mapepala amene mungawapeze, ndipo pemphani khoti chiletso choti katundu asagulitsidwe mpaka chigamulo chituluke. Polemba madandaulo, tchulani katundu yense ndipo mupemphe kuti nyumba iwerengeredwe mtengo ndi katswiri, osati ndi mwini dzina.

Khoti likhoza kulamula kuti nyumba igulitsidwe mugawane, kapena mmodzi aitenge n'kulipira gawo la mnzake. Ndalama zosamalira ana ndi nkhani yapadera, musalole kuti zilowe m'malo mwa gawo lanu. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau ku Lilongwe komweko, mutanyamula kope lanu lija ndi mayina a mboni.