Msonkho wa misewu wa pa mafuta

"Bwanji misonkho yonse isamakhale ndi ntchito yakeyake, ngati uja wa misewu?"

Achimwene, taonani mmene uja wa misewu umayendera kuno ku Malawi. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pamachotsedwa ndalama zopita ku Roads Fund Administration, zokonzera misewu basi. Ubwino wake ngwakuti wokonza msewu sadikira kuti nduna ya zachuma imuganizire. Koma ndalamazo zimatsata malita ogulidwa, osati kukula kwa maenje. Mafuta akasowa thumba limaphwa, pomwe mvula ikukokolola milatho. Komanso msonkhowo ukakhala makwacha okhazikika pa lita, kwacha ikagwa phula limakwera mtengo, msonkho uli pomwepo.

Thumba limodzi la boma lomwe misonkho ina imalowamo, Account Number One, limalola aphungu kusamutsa ndalama kolera ikabuka. Mukamangirira msonkho uliwonse, mankhwala angasowe chikhalirecho ndalama zili phee kuthumba lina.