Galimoto yoyandama pa chithunzi

"Ndaika galimoto pa chithunzi cha msewu mu Photoshop, mthunzi ndajambula koma ikuoneka ngati ikuyandama, ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, vuto lili pomwe matayala akukhudza msewu, pamenepo pamafunika kamthunzi kakekake kakuda zedi komanso kopyapyala poti kuwala sikulowako. Tsegulani leya yatsopano pansi pa galimotoyo, muiike pa Multiply, mtundu wake mutenge ndi Eyedropper pa mthunzi wina uli kale m'chithunzimo osati wakuda bii ayi, umaoneka ngati wopaka. Ndiye ndi bulashi yaing'ono tsatirani mmunsi mwa tayala lililonse, kamzereko kazizimiririka msangamsanga kakangochoka pa tayalapo.

Mthunzi waukulu uja ukhale pa leya ina, muone kaye mitengo kapena anthu ali mmenemo mithunzi yawo ikugwera kuti komanso yatalika bwanji, wanu utsate zomwezo. Pafupi ndi galimoto ukhale wakuthwa m'mphepete, kutali uzifewa, Gaussian Blur imodzi ponseponse ndi imene imawononga ntchito. Ngati kuli mitambo mthunzi wautali sufunika nkomwe, mdima wofewa kunsi kwa galimoto basi.