Avereji ya malikisi ndi pivoti tebulo: 2080 ameneyu wachokera kuti?

"Ndine mphunzitsi pa sekondale ina, ahedi akufuna avereji ya kalasi iliyonse pa phunziro lililonse materemu onse atatu. Ndayesa pivoti tebulo mu Excel koma Masamu a Fomu 2A akutuluka 2080. Ndikulakwitsa pati?"

Aphunzitsi musadandaule, mwatsala pang'ono kwambiri. Excel ikaona manambala imathamangira kuwonkhetsa, ndiye yangophatikiza malikisi a ana onse. Dinani Malikisi mu bokosi la Values, pitani pa Value Field Settings, chotsani Sum muike Average. Ngati ana alipo 40 mupeza 52, basi.

Koma onaninso kakhalidwe ka shiti yanu chifukwa ambirife timalemba ngati mu rejisitala, dzina la mwana kumanzere kenako maphunziro kundanda m'mwambamo, teremu iliyonse shiti yakeyake, ndiye pivoti singathe kukusiyanitsirani bwino phunziro ndi teremu. Imafuna malikisi aliwonse akhale pa mzere wawo, chonchi:

```
Dzina   Kalasi   Phunziro  Teremu  Malikisi
Mwana1  Fomu 2A  Masamu    1       64
Mwana1  Fomu 2A  Bayoloje  1       48
```

Ana 40, maphunziro 8, materemu 3, ndiye kuti mizere 960 kalasi imodzi yokha. Zimaoneka zambiri eti, koma mukazikonza kamodzi mwathana nazo. Dinani Ctrl+T kuti ikhale tebulo, kenako Insert, PivotTable. Kokerani Kalasi ku Rows, Phunziro pansi pake momwemo, Teremu ku Columns, Malikisi ku Values.

Tsopano nayi nkhani imene imandiwawa ine, ya ana amene sanalembe mayeso. Tinene kuti mwa ana 40 aja anayi anadwala, inu nkuwalembera 0. Pivoti iwawerengera ngati analemba nkulakwa zonse, 2080 kugawa ndi 40, mpamene pakutuluka 52 paja, pomwe amene analembadi ndi 36 ndipo avereji yawo ndi 57.8. Mphunzitsi wa Masamu akakhala pa mitingi nkumafunsidwa chifukwa chake kalasi yatsika, chonsecho anawaphunzitsa bwinobwino ana. Siyani selo yopanda kanthu, Average imaidumpha. Mukalembamo mawu ngati ABS imadumphanso, kungoti pokokera ku Values imayamba ndi Count m'malo mwa Sum, mukaona 40 pomwe mumayembekezera malikisi dziwani kuti ndi zimenezo.

Ine ndimakokera Malikisi ku Values kawiri, imodzi Average inayo Count Numbers, kuti ndizionanso kuti analemba ndi angati. Pakatuluka 72 mu kalasi ya ana 40 ndiye kuti mizere ina munapesita kawiri.

Mukaona Fomu 2A ikutuluka pawiri, penapake munalemba "Fomu 2 A" kapena munasiya sipesi kumapeto, konzani mu shiti. Ndipo mukasintha chilichonse, kaya mwawonjezera teremu yachitatu, pivoti sisintha yokha, dinani mkati mwake kenako Alt+F5 musanawapititsire ahedi.