Imelo yopempha komiti kuti ikweze kalaliki wanu: mulembemo chiyani?

"Ndine manijala wa nyumba yosungiramo katundu pa kampani ina ku Workington, kuno ku Harare. Udindo wa woyang'anira sitoko watseguka, ndipo ndikufuna upite kwa mayi wina amene ndi kalaliki wanga, achoke pa giredi B3 apite pa C1. Andiuza kuti ndilembe imelo ku komiti yoona zokweza antchito pofika Lachisanu. Vuto ndi loti mayiyu makolo ake anachokera ku Malawi ngati anga, timapemphera mpingo umodzi ku Mufakose, ndipo anthu ayamba kale kunong'ona. Ndalemba kuti ndi wolimbikira, wokhulupirika komanso waulemu, kenako mawu andithera. Ndipitirize bwanji?"

Achimwene, mawu atatu mwalembawo fufutani. Ndi oona, sindikukana, koma manijala aliyense amene akutumiza dzina ku komitiyo walembanso omwewo. Amene amakhala m'komiti yotere kawirikawiri ndi wa ku ofesi yoona za antchito, wa zachuma, ndi bwana wina wa dipatimenti ina, ndipo mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo mayiwo akuwerenga matumba. Kulimbikira ndi kukhulupirika kumawauza kuti mayiwo ndi kalaliki wabwino. Ndiye bwanji asangokhala kalaliki? Funso la komiti ndi lina: kodi munthuyu angathe ntchito imene sanapatsidwebe?

Magiredi mwatchulawo akuonetsa kuti kampani yanu imatsata njira ya Paterson, imene makampani ambiri muno m'Zimbabwe amagwiritsa ntchito. Njirayi imasanja maudindo poona mtundu wa ziganizo zimene munthu amayenera kupanga pa ntchito yake. Zaka zimene wakhala pa kampani sizilowamo. Wa mu B amatsata ndondomeko imene ilipo kale ndipo amasankha mmene aichitire. Wa mu C amayenera kudziwa chifukwa chake ndondomekoyo ilipo, n'kusankha yekha chochita zinthu zikapanda kuyenda monga mwa masiku onse. Choncho kuchoka pa B3 kupita pa C1 ndi kuwoloka malire, ndipo imelo yanu iyenera kuonetsa tsiku limene mayiwo anaganiza okha, inu kulibe, n'kuganiza bwino.

Musanalembe, pemphani ku ofesi ya antchito pepala lofotokoza ntchito za woyang'anira sitoko. Komiti idzakhala nalo patebulo. Sankhanimo ntchito ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu, ndipo pa iliyonse mufunefune umboni m'mabuku anu: malipoti a kuwerenga sitoko kwa mwezi ndi mwezi, mapepala olandirira katundu, zimene maodita analemba, mafomu ounikira kagwiridwe ka ntchito a zaka ziwiri zapitazi. Zoti mungokumbukira m'mutu ayi. Wa zachuma uja akapeza nambala imodzi yosagwirizana ndi imene ili m'mabuku ake, imelo yonse yagwa, ndipo amene avutike ndi mayiwo.

Pa ndalama samalani. ZiG inayamba mu Epulo 2024 kulowa m'malo mwa dola ya Zimbabwe imene inalipo, ndiye kuyerekeza kusowa kwa katundu wa mu 2023 ndi wa chaka chino m'ndalama ya kuno n'kungosokoneza anthu. Lembani m'madola a ku America ngati mabuku anu ali choncho, apo ayi werengani matumba, makatoni kapena masiku.

Nayi imelo mmene ndikanailembera ine. Ndaiika m'Chichewa kuti tione mafupa ake, inu mukalembe m'Chingerezi monga mumachitira ku ofesi. Manambala ndi miyezi ndangoyerekeza, muikemo zanu zenizeni.

Mutu: Pempho lokweza Mayi Uje kuchoka pa kalaliki wa sitoko, B3, kukhala woyang'anira sitoko, C1

A Wapampando ndi mamembala a komiti,

Ndikupempha kuti Mayi Uje akwezedwe kukhala woyang'anira sitoko kuyambira pa 1 mwezi wa mawa. Ndakhala bwana wawo kwa zaka zitatu, ndipo zimene ndalemba pansipa ndinaziona ndekha kapena zili m'mapepala amene ndaphatikiza.

Kuyambira Juni mpaka pakati pa Julayi, kwa masabata 7, anagwirizira udindowu pamene woyang'anira wakale anali pa tchuthi. Ankagawa ntchito kwa anthu 6. Pa 12 Julayi lole inabweretsa matumba 372 a simenti pomwe pepala la wogulitsa linkanena 400. Ine ndinali ku Mutare. Anasainira matumba 372 okha, anauza dalaivala kuti asaine pamene panalembedwa kuperewerako, anajambula zithunzi, n'kudziwitsa ofesi yogula katundu tsiku lomwelo. Wogulitsayo anachotsa mtengo wa matumba 28 pa ngongole yathu.

Mu Febuluwale anayambitsa zowerenga Lachisanu lililonse mitundu 20 ya katundu amene amayenda kwambiri, m'malo modikira kutha kwa mwezi. Kusiyana kwa zimene zili m'kompyuta ndi zimene zili pa mashelefu kunali pafupifupi madola 1,900 pamwezi, ndipo kuyambira Meyi sikunapitirirepo madola 300. Kuwerengako ankachita ndi makalaliki ena awiri, koma ganizo ndi ndondomeko zinali zawo.

Chimene sanachitepo ndi kuyendetsa nkhani ya wantchito amene waphwanya malamulo a kampani. Ndikupempha kuti aphunzitsidwe zimenezi m'miyezi itatu yoyamba, ndipo pa nkhani ziwiri zoyambirira ndidzakhala nawo.

Komiti idziwe kuti ine ndi Mayi Uje timapemphera mpingo umodzi. Si achibale anga. Ngati komiti ikufuna mawu a munthu wina, mkulu wa ofesi yogula katundu wagwira nawo ntchito ndipo wavomera kufunsidwa.

Ndaphatikiza malipoti a sitoko a Januwale mpaka Ogasiti, pepala lolandirira katundu la pa 12 Julayi, ndi mafomu awiri ounikira ntchito yawo.

Basi, yathera pomwepo. Mwaona kuti pempho lili m'chiganizo choyamba? Ife tinaleredwa kuti pa nkhani yaikulu umayamba ndi moni, n'kuzungulira kaye, cholinga chibwere pamapeto. Kwa ankhoswe zimenezo n'zoyenera. Koma wa m'komiti amatsegula imelo yanu pafoni ali pamzere wa magalimoto mumsewu wa Samora Machel, ndipo akawerenga ndime ziwiri osapeza dzina, udindo ndi giredi, amaitseka kuti adzaiona pambuyo pake.

Nkhani ya matumba 28 ija ndiyo mtima wa imelo yonse, ndipo ndikufuna muone chifukwa chake. Kalaliki wamba akanachita chimodzi mwa ziwiri: kusainira 400 poopa kukangana ndi dalaivala, kapena kukana lole yonse n'kumakuimbirani foni mpaka mutayankha. Mayi wa m'chitsanzoyu analandira zimene zinalipo, anateteza kampani ndi siginecha ya dalaivala, ntchito n'kupitirira. Chimenecho ndicho chiganizo cha munthu wa mu C. Inu mufunefune tsiku ngati limenelo. Mwina linali tsiku limene magetsi anathima, kompyuta n'kuzima, malole ali pageti, mayiwo n'kutulutsa katundu ndi mapepala olemba pamanja okhala ndi manambala otsatizana, madzulo n'kulowetsa zonse popanda chosowa. Nkhani imodzi yotere, yokhala ndi deti, imaposa ndime zisanu zoyamikira. Ndipo mukafufuza m'zaka zonsezi osapeza tsiku lotere ngakhale limodzi, imani kaye mudzifunse ngati mayiwo akonzekadi, kapena ngati inuyo simunawapatsepo mpata. Zikakhala choncho, pemphani komiti kuti agwirizire udindowo kwa miyezi itatu kaye.

Chiganizo chonena kuti makalaliki ena awiri anathandiza musachichotse. Komiti ikhoza kuwafunsa, ndipo anthu amene akunong'ona kale akamva kuti thukuta lawo mwalipereka kwa mnzanu wa ku tchalitchi, mwawapatsa nkhuni zosonkhezera moto.

Mamanijala ambiri amaopa ndime ya chofooka, poganiza kuti akugwetsa munthu wawo. Ine ndimaona kuti ndiyo imachititsa komiti kukhulupirira zina zonse. Chofunika n'kusankha chofooka chenicheni, choti maphunziro angachithetse, ndi kunena amene adzachithetse ndi liti. Zija zoti "vuto lake n'loti amalimbikira mopitirira muyeso" a komiti anazimva kambirimbiri, amangomwetulira.

Tsopano za kwathu ndi za mpingo. Kubisa zoti mumapemphera mpingo umodzi n'kumene kungakupwetekeni. Harare ndi yaikulu, koma pa kampani palibe chinsinsi, ndipo komiti ikamva kwa dalaivala wa fokolifiti zimene inu simunanene, idzawerenganso imelo yanu ndi diso lina. Nenani m'chiganizo chimodzi, osapepesa, osadziteteza. Onaninso malamulo a kampani yanu, chifukwa ena ali ndi fomu yoti bwana alembe ubale uliwonse umene ali nawo ndi munthu amene akumuvomereza. Akanakhala mlamu wanu kapena mwana wa achemwali anu ndikanati musalembe n'komwe, alembe bwana wina.

Zoti makolo ake ndi a ku Malawi musazitchule. Lamulo la za ntchito la Zimbabwe, Chaputala 28:01, pa gawo 5, limaletsa kusala wantchito chifukwa cha mtundu, fuko, kumene anachokera, chipembedzo, ndale, kukhala mwamuna kapena mkazi, pakati, kachilombo ka HIV kapena ulumali, ndipo kukweza pa ntchito kuli m'gulu la zinthu zimene limatchula. Lamuloli limateteza mayiwo, komanso limateteza kalaliki wina amene sakwezedwa. Iyeyo akakadandaula, imelo yanu ndi imodzi mwa mapepala amene adzawerengedwe. Mpingo mukuutchula pofuna kuulula kudziwana kwanu basi, usamveke ngati chifukwa chowakwezera. N'chimodzimodzi ndi chifundo chathu chija cholemba kuti "ndi mayi wamasiye, akulera ana anayi, lendi yakwera". Mtima ndi wabwino, koma mwauza komiti kuti mukupempha thandizo, ndipo mwaulula za m'nyumba mwa munthu asanakuloleni.

Anzake amene akufunanso udindowo musawatchule, ngakhale mukudziwa kuti wina amafika mochedwa Lolemba lililonse. Kuyerekeza ndi ntchito ya komiti.

Potumiza, lemberani wapampando kapena mlembi wa komiti monga anakuuzirani, bwana wanu mumuike pa CC ngati ndi mmene mumachitira, ndipo mapepala akhale PDF okhala ndi mayina omveka. Mayiwo musawaike pa BCC. Tsiku lina adzadina Reply All pofuna kukuthokozani, komiti yonse n'kuona. Auzeni pakamwa, ku ofesi osati pabwalo la tchalitchi, kuti mwapereka dzina lawo, muwaonetse manambala amene mwalemba kuti atsimikize kuti ndi olondola, chifukwa komiti ikhoza kuwaitana n'kuwafunsa za matumba aja. Muwauzenso momveka kuti chiganizo ndi cha komiti, ndipo za malipiro atsopano musalonjeze kanthu mpaka kalata ya ku ofesi ya antchito itatuluka.